Dzina la pa Envelopu

Kuseri kwa siteshoni ya mabasi kuli malo ochapitsira zovala, ndipo mukadutsa kauntala n'kulowa mkati mupeza kachipinda kopanda zenera, kotentha ngati uvuni. Muli tebulo lalitali loyalidwa bulangete lakale ndi nsalu yoyera pamwamba pake. M'menemo ndi mwa Anasimbi. Dzina lawo lenileni lilipo, koma ndani amaliitana? Analowa ntchito yosita akadali mtsikana, ndipo simbi inawapatsa dzina, zipsera ziwiri pamkono, ndi msana umene sulola kuwerama m'mawa.

Pantchito mayi amenewa sanali oseweretsa. Shati amayambira kolala, kunsi kwake kenako pamwamba, n'kupita pamapewa, manja, kumbuyo, mbali ya mabatani pomalizira. Buluku lakuda salisita popanda kuyalapo kansalu konyowa, kuopa kuti lingawale ngati la mlonda. Koma chimene ankachilemekeza kuposa zonse ndi tikiti. Chovala chilichonse chikafika, amachimenya kapepala ka nambala ndi sitepula mkati mwa kolala, ndipo mwini wake amatenga theka la tikitiyo. Nambala zikapanda kugwirizana, chovala sichituluka, kaya ulire, kaya unene kuti ukwati ndi mawa. Anthu ankawanena kuti ndi ouma mtima, iwo n'kumangoseka, amvekere chovala cha munthu sichiperekedwa poyang'ana nkhope.

Kwawo anabadwa awiri. Wachiwiriyo anabwera mochedwa, bambo awo atatsala pang'ono kumwalira, ndipo poti mayi awo ankachoka m'mamawa kukakolopa m'maofesi, amene anamulera ndi Anasimbi. Azamba ananena kuti ndi mwana wamkazi, nawo makolo anamupatsa dzina lachikazi, koma mwanayo chiyambire kuyankhula sanavomerepo zimenezo. Diresi ankalivulira paseli pa sukulu. Atayamba kumera mabere analira sabata yathunthu ngati kwagwa maliro, n'kuyamba kudzimanga pachifuwa ndi bandeji mpaka nthiti kupweteka. Atakula anawakhazika pansi achemwali ake n'kuwauza mosazungulira kuti iye ndi mwamuna, kuti wakhala akudzidziwa choncho moyo wake wonse, ndipo anawauza dzina limene anadzisankhira.

Tisawanamizire Anasimbi, sanamuthamangitse ayi. Anaona mabala a bandejiyo n'kumusokera kavesiti kolimba ka nsalu yotanuka, koti kazifinya chifuwa popanda kudula mpweya, n'kumamukalipira kuti asamagone nako. Malaya ake a kuntchito ankamusitira ulere. Iye atapeza dokotala womulembera jakisoni wa mahomoni achimuna, mawu n'kuyamba kukula, tindevu n'kutuluka pachibwano, iwo ankamuseka kuti ndevu zake n'zowerengeka ngati mano a nkhalamba. Koma dzina latsopano lija linkawakanira pakamwa. Pagulu ankangoti "iwe", kapena "uyu", ndipo mumtima ankadziuza kuti ndi zachibwana, zidzatha. Mlongo wawoyo ankazidziwa zimenezo, koma ankangoti bola achemwali akuyesetsa.

Chimene sichinasinthe ndi chitupa. Ku ofesi ya zitupa anapitako mpaka nsapato kutha: lero bwera ndi kalata ya dokotala, mawa ya kukhoti, mkuja bwana wake kulibe. Chithunzi chinali cha mtsikana wa tsitsi loluka, dzina lachikazi, ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mkazi. N'chifukwa chake ntchito za pakampani sankazifunsira n'komwe. Anapeza malo pashedi yomata matayala, pamene bwana safunsa pepala koma amangoona ngati ungathe kukweza galimoto ndi jeke n'kumasula nati yokakamira. Kumeneko ankamudziwa ngati mnyamata mnzawo, wamanja olimba, wosakonda kuvula malaya ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Kenako mayi awo anadwala sitiroko. Anawagoneka m'wodi ya amayi, ndipo lamulo la kumeneko linali lakuti wowayang'anira wogona pomwepo akhale wamkazi. Mlongo uja atabwera ndi bulangete lake kuti asinthane ndi achemwali ake, anamwino anangoona ndevu n'kumulozera pakhomo. Akanatulutsa chitupa mwina akanamulola, koma zikanatanthauza kudzivula pamaso pa wodi yonse, ndipo iye sanathe. Choncho kutembenuza mayiwo, kuwasintha matewera, kuwamwetsa ndi sipuni, zonse zinagwera Anasimbi, amene m'mawa ankathamangiranso ku simbi maso ali psuu.

Choipitsitsa n'chakuti matendawo anawabweza mayi aja m'mbuyo. Ankafunsa za kamtsikana kawo, kuti kabwera kodi kusukulu, kadya kodi. Mlongo uja ankabwera nthawi yoona odwala tsiku lililonse, n'kuwagwira dzanja, iwo n'kumuthokoza mwaulemu ngati mlendo. Anasimbi anamupempha kuti amete ndevu, avale diresi kwa ola limodzi lokha, mayi amuone. Iye anati akatero mayi aona munthu amene kulibe, ndipo iye sadzathanso kudziyang'ana. Mayiwo anamwalira akufunsabe.

Maliro atatha, Anasimbi sanalire monga amalirira anthu. Chisoni chinasanduka ukali, ukaliwo n'kusowa pogwera. Tsiku lina masana anazimitsa simbi pakati pa jekete la munthu, n'kuyenda wapansi mpaka kushedi ya matayala. Anapeza mlongo wawo atagwada akufufuza pobooka chubu m'beseni la madzi, anzake atatu ali pomwepo, bwana ali pampando, ndi madalaivala awiri akudikira. Anamuitana dzina lakale lija mokweza, lonse lathunthu.

"Mayi afa akukuitana iwe! Ukunamiza ndani pano? Ndinakusambitsa ndine, ndikukudziwa. Vula kavesiti ndinakusokerako anzakowa aone kuti akugwira ntchito ndi ndani."

Mlongo uja anaimirira, manja akudontha madzi, n'kungoti, "Achemwali." Anasimbi anatembenuka n'kumapita, ndipo mpaka pakona ankamva ngati achita chinthu cholungama.

Zotsatira zake anazimva kwa Wometa, mnzake wa mlongo wawo kuyambira ali ana, amene ali ndi kashopu kometera pafupi ndi msika. Madzulo a tsiku lomwelo anyamata awiri a pashedi anamupanikizira kuseri kuti aone ngati n'zoona, n'kumung'ambira ovolosi. Bwana anati sakufuna zipwirikiti pamalo pake. Nkhani inafika kwa mwini nyumba imene ankachita lendi, ndipo sabata isanathe katundu wake anali panja. Anakwera basi kupita tauni ina, nambala ya achemwali ake ataitseka.

Apa m'pamene moyo wa Anasimbi unapindika. Ankati akaika simbi pa shati yachimuna, n'kuona manja odontha madzi aja. Anawotcha kolala ya kasitomala, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Panyumba panali zii: mwamuna anasiyana naye kalekale, mwana sanakhale naye, mayi kulibe. M'bale yekhayo amene anatsala naye padziko anali atamuthamangitsa ndi pakamwa pawo. Anayesa kuimba pafoni ya mnzawo wa pakauntala, koma mlongoyo atangomva mawu awo anadula. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma iwo ankaona kuti lawoli alitafuna okha.

Ndiye anaganiza zolemba kalata. Musaganize kuti inali ntchito yaing'ono kwa munthu amene pepala lake lalikulu ndi tikiti. Anagula kope la mizere, ndipo nthawi yopuma masana ankakhala pa mtolo wa mashiti n'kumalemba. Kalata yoyamba inatuluka ngati mlandu: pepa, koma nawenso unandisiya ndekha m'chipatala. Yachiwiri inadzaza ndi kutopa kwawo, msana wawo, tulo tawo, moti atawerenga anaona kuti akupempha kuti awamvere chisoni iwowo. Yachitatu inali ndi mawu akuti ngati ndinakulakwira. Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali n'kudzitukwana okha. Ngati chiyani, munthu wachotsedwa ntchito, wang'ambiridwa zovala? Anaing'amba.

Chinawatengera nthawi kwambiri ndi mzere woyamba. Anaphunzira kulemba dzina lake latsopano pachikuto cha kope, kambirimbiri, mpaka dzanja linazolowera. Ndipo anaona kuti munthu wamkulu, bambo wa ndevu zake, sangamulembere kuti iwe ngati kamwana kotuma mchere. Kalata imene anaimaliza inali iyi:

"Achimwene,

Ndine mchemwali wanu. Ndalemba kuti ndipepese, palibenso china.

Zimene ndinayankhula kuntchito kwanu zinali zoipa, ndipo ndinaziyankhula dala kuti zikupwetekeni. Ndinadziwa bwino kuti anzanu sankadziwa. Ndinatenga chinthu chimene munandisungitsa ine n'kuchitaya pamsewu. Ndamva zimene anakuchitani, za ntchito ndi za nyumba. Zonsezo ndinayambitsa ndine.

Mayi simunawaphe ndinu. Munabwera tsiku lililonse. Amene sanakuzindikireni ndi matenda. Za diresi zija sindinayenera kukupemphani.

Zaka zonsezi ndinkadikira kuti musinthe, uku ndikukusitirani malaya ngati ndavomera. Limenelonso linali bodza langa. Ndinu mlongo wanga, ndinu mwamuna, ndipo dzina lanu ndi limene munandiuza.

Sindikukukakamizani kundikhululukira. Mukafuna kusandionanso, ndimva. Ndikungopempha kuti mudziwe kuti ndikudziwa chimene ndinachita. Ndiponso musamagone ndi kavesiti kaja, mumatsokomola."

Mzere womalizawo anafuna kuufufuta, kenako anausiya. Anaipinda katatu, n'kuidutsitsa simbi yofunda kuti mapindo akhale bwino, n'kupita nayo kwa Wometa.

Wometa sanawalandire ndi manja awiri. Anapitiriza kupukuta makina ake ndi kaburashi, n'kunena kuti pepani sapoletsa chilonda, ndiponso iye analonjeza mnzake kuti sadzakhala mtumiki wa wina aliyense. Anasimbi sanatsutse. Anabwereranso mawa lake, ndi mkuja wake, n'kumakhala pabenchi ya odikira pakati pa abambo ofuna kumetedwa, mpaka Wometa manyazi anamugwira. Anawauza kuti mnzakeyo wapeza malo kwa kalipentala wina, akupala matabwa, ndipo kumeneko ayamba kumukonda. Foni yake yatsopano sangawapatse. Anawalembera dzina la tauniyo ndi nambala ya kushopu ya kalipentalayo, kuti atumize kudzera ku ofesi ya katundu ya mabasi.

"Koma achemwali, mulembe dzina lake. Mwamva? Dzina lake."

Iwo anati amva, ndipo anamvadi. Pa envelopu analemba dzina latsopanolo ndi zilembo zazikulu zooneka bwino, ndi dzina la bambo awo pambuyo pake.

Ofesi ya katundu ndi kachipinda ka mawaya pazenera, kodzaza makatoni ndi matumba omangidwa tepi. Kalaliki anali mtsikana waulemu wake, wotopa, wa cholembera chomangirira chingwe. Anaika envelopu pasikelo n'kufotokoza mmene zimayendera: ikafika, anzathu a uko amaimba nambala mwalembayi, mwini wake amabwera ndi chitupa, akaona kuti dzina likugwirizana amasainitsa n'kumupatsa. Kenako anafunsa, monga amafunsira aliyense, ngati dzina lili apali ndi lomwe lili pa chitupa cha wolandirayo.

Anasimbi anati ayi, la pa chitupa ndi lina.

Kalaliki anati ndiye sakamupatsa. Ikakhala kumeneko milungu ingapo n'kubwerera. Anafunsa ngati kuli munthu wina amene angalandire m'malo mwake, koma Anasimbi sankadziwa ngakhale dzina la kalipentalayo. Kumbuyo kwawo anthu anayamba kung'ung'udza, wina atasenza katoni pamutu. Basi ya masana inali italiza kale injini.

Apa ndiye pondipsetsa mtima, chifukwa munthu wina aliyense wosasamala akanangoti tumizani choncho, zikaoneka konko. Mwina kalaliki wa uko akanakhala waulesi, osafunsa n'komwe chitupa. Koma Anasimbi lamulo limeneli ankalidziwa m'magazi. Moyo wawo wonse akhala akubweza anthu chifukwa cha nambala yosagwirizana, ndipo sakanatha kuganiza kuti kwinakwake kuli kauntala imene ingachite mosiyana. Chimene ankaopa n'chakuti kalata imene anaivutikira chonchi ikagone m'katoni osawerengedwa. Anadziuza kuti envelopu ndi chikuto chabe, chofunika chili mkati, akangotsegula aona. Envelopu ina panalibe. Anatenga cholembera cha chingwe chija, n'kudula mzere pa dzina la mlongo wawo, n'kulemba lakale lija pamwamba pake.

Kalaliki anakopera dzinalo pa risiti, n'kumata sitika, envelopu n'kuponyedwa m'thumba. Anasimbi anabwerera kuntchito mtima utapepukako. Madzulo amenewo anasita madiresi a kwaya yathunthu akuimba chapansipansi, mnzawo wa pakauntala mpaka anasuzumira kuti kodi mwapeza chibwenzi.

Anadikira. Foni ikalira ankaisiya simbi chiimire n'kuthamanga. Ankawerengera kuti pofika pano wailandira, pano waiwerenga, pano akuganiza choyankha, ndipo ankamuikira kumbuyo kuti munthu wopwetekedwa sayankha msanga. Anafika pochapa makatani a chipinda cha mayi awo, kuti mwina angafune kudzagona masiku awiri.

Foni imene inabwera inali ya ku ofesi ya katundu, kuti adzatenge katundu wawo wabwerera. Envelopu inali yomata monga anaimatira, yakuda m'makona, ndi chidindo chakuti wolandira wakana. Ataigwira m'pamene anaiona monga anaionera mwini wake: dzina lake lili ndi mzere pakati, ndipo pamwamba pake, m'zilembo za mchemwali wake, dzina lomwe lija linakuwidwa pashedi. Sanabwerere kuntchito, analunjika kwa Wometa.

Wometa anali akumeta bambo wina, ndipo sanazimitse makina mpaka atamaliza mbali imodzi. Kenako anawatengera pakhonde n'kuwauza zonse, mosakweza mawu. A ku ofesi ya uko anaimba kushopu, anayankha ndi kalipentala mwini. Anafunsa za mayi wakuti wakuti. Kalipentala anati kuno kulibe mzimayi, tili amuna okhaokha. Anaimbanso mawa lake, n'kubwereza dzina lonse, ndipo kalipentalayo anamva kuti dzina la bambo ndi lofanana ndi la wantchito wake watsopano. Anamufunsa pamaso pa anzake ngati ali ndi mkazi kapena mlongo wa dzina limenelo, iye anati ayi. Atayimba kachitatu, wina pashopupo anakumbukira nkhani imene anamva kwa dalaivala, ya munthu wa pashedi ya matayala. Anayamba kumuyang'ana pachifuwa. Kalipentala anati mawa abwere ndi chitupa, angoona.

Mlongo uja anapita yekha ku ofesi ya katundu kuti mafoni aleke. Anatulutsa chitupa, kalaliki n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ndevu, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Atamupatsa envelopu anaiyang'ana, n'kuibweza pazenera. Kushopu sanabwererenso, ngakhale kukatenga malipiro ake.

Anasimbi anafunsa kuti ali kuti tsopano. Wometa anati sakudziwa, ndipo ulendo uno sakuwabisira. Mnzakeyo anamuimbira kamodzi ali pa siteshoni, n'kumuuza kuti nayenso samupatsanso nambala, poti anaulula. Jakisoni wake wa mwezi uno sanabwere kudzabayitsa kwa dokotala wake uja. Pamenepa Wometa anayang'ana kumbali, chifukwa naye anali atataya mnzake wa ubwana, ndipo anamutaya chifukwa chomvera chisoni mayi ameneyu.

"Anasiya mawu anu," anatero Wometa. "Anati ndikuuzeni kuti zimene munalemba waziwerenga."

"Koma sanatsegule. Taonani, ndi yomata. Sanatsegule."

"Ndinamufunsa zomwezo. Anati zapamwambazo zamukwanira."

Anasimbi anayamba kung'amba envelopu ija, kuti Wometa yekhayo aone mzere woyamba, pakhale munthu mmodzi padziko wodziwa chimene chinali mkati. Wometa anagwira dzanja lawo n'kulitsitsa, nati si yake, sangawerenge. M'shopu bambo uja anali akuitana, mutu uli wometedwa theka, ndipo Wometa analowa n'kuyatsa makina.